Tchati chokongola, manambala abodza: malire a mapulogalamu ojambula a AI

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi ikufuna chikwangwani choti ipachike pa msonkhano wapachaka. Chaka choyamba anakolola matumba 40 a chimanga, chachiwiri 80, chachitatu 120. Mlembi wa kalabuyo walemba manambalawa mu pulogalamu yojambula zithunzi ya AI, n'kuilamula kuti imupangire tchati cha mizati itatu. Mphindi isanathe chatuluka chithunzi chosiririka, chamitundu yogwirizana bwino, ndi timatumba tachimanga m'mbali. Koma mukachiyang'anitsitsa, mzati wa 80 watsala pang'ono kufanana ndi wa 120. Manambala a m'mbali akuyenda 0, 20, 50, 50, 100. Pamene panayenera kulembedwa "Chimanga" palembedwa "Chimnaga", ndipo patulukira mzati wachinayi umene palibe anaupempha.

Zolakwika zimenezi sizibwera mwangozi. Zimachokera ku mmene mapulogalamuwa anapangidwira, ndipo amene wamvetsa zimenezo amadziwa ntchito yoti awapatse ndi yoti asawapatse.

Mapulogalamu amene anatchuka mu 2022, monga DALL-E 2, Midjourney ndi Stable Diffusion, anaphunzitsidwa ndi zithunzi mamiliyoni ambirimbiri, chilichonse ndi mawu ochifotokoza. Pojambula, amayamba ndi timadontho tosokonekera tosaonetsa kanthu, kenako amatikonza pang'onopang'ono, maulendo makumi angapo, mpaka chithunzi chioneke. Pa ulendo uliwonse pulogalamuyo imangofuna chinthu chimodzi: kuti zimene zikutuluka zifanane ndi zithunzi zimene inaona zokhala ndi mawu ngati amenewa. Palibe paliponse m'ntchitoyi pamene imawerengetsera utali wa mizati kuchokera pa manambala amene mwaipatsa.

Apa mpamene pagona vuto. Tchati si chithunzi wamba, ndi muyeso. Ngati mzati wa matumba 40 uli masentimita 4, wa 80 uyenera kukhala masentimita 8 ndipo wa 120 masentimita 12. Pulogalamu yowerengetsera ngati Excel imatenga nambala n'kuisandutsa utali mwa kuwerengetsa, choncho siiphonya. Pulogalamu yojambula imangodziwa kuti matchati a zinthu zimene zikukwera amakhala ndi mizati yotalikirapo mukamapita kumanja. Imajambula maonekedwe a kukwera, osati kukwera kwanuko. Pa chithunzi cha mtengo wa mango, nthambi ikatalika pang'ono palibe amene wanamizidwa. Pa tchati, mzati ukatalika pang'ono ndiye kuti zokolola zanamizidwa.

Tchati chozungulira, chija amachidula zigawo, chimavuta chimodzimodzi. Kalabu ija itagawa ndalama zake kuti 50 peresenti ipite ku feteleza, 30 ku mbewu, 20 ku mayendedwe, zigawozo ziyenera kutenga madigiri 180, 108 ndi 72 mwa madigiri 360 a bwalo lonse. Chigawo cha feteleza chiyenera kudula bwalolo pakati penipeni. Pulogalamu yojambula ikhoza kulemba 50% pa chigawo chosafika n'komwe theka, kapena kuwonjezera chigawo china n'kuchititsa kuti zonse ziphatikizane kupitirira 100.

Nanga zilembo zimasokonekera chifukwa chiyani? Pali zifukwa ziwiri zikuluzikulu. Choyamba, malangizo amene mwalemba safika kwa pulogalamuyo ngati zilembo chimodzichimodzi. Amadulidwa m'zidutswa za mawu, ndipo zidutswazo zimasandutsidwa manambala oimira tanthauzo. Pulogalamuyo imalandira ganizo la liwulo, koma ndondomeko ya zilembo zake imafika yosamveka bwino. Ili ngati mmisiri wolemba zikwangwani waluso lopenta koma wosadziwa kuwerenga: waona zikwangwani zambiri, amadziwa mmene zilembo zimaimira pamzere, koma chilembo chimodzi chikasinthana ndi chinzake iye saona cholakwa. Mawu a Chichewa amavutika koposa, chifukwa m'zithunzi zophunzitsira anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a Chingerezi. Kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ kamatha kusowa, kapena kusanduka chilembo china.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa malo. Stable Diffusion yoyambirira sinkajambula pa chithunzi chenicheni cha timadontho 512 m'litali ndi 512 m'lifupi. Inkagwira ntchito pa chithunzi chofinyidwa cha timabokosi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi, n'kuchikulitsa pamapeto. Kabokosi kalikonse kankaimira timadontho 8 uku ndi 8 uku. Chilembo chaching'ono cha pansi pa mzati chimangotenga kabokosi kamodzi kapena tiwiri, malo osakwanira kusiyanitsa bwinobwino 3 ndi 8, kapena 1 ndi 7. N'chifukwa chake mutu wa zilembo zikuluzikulu umatha kutuluka bwino pomwe timalemba ta m'munsi tili tongokhotakhota.

Mapulogalamu atsopano, kuphatikizapo ojambula a mu ChatGPT amene anatuluka mu 2025, amalemba mawu bwino kwambiri kuposa akale. Koma zimenezi zabweretsa ngozi ina. Kale zilembo zopindika zinkachenjeza aliyense kuti chithunzicho n'chosadalirika. Lero manambala amatha kulembedwa mosalakwika pamwamba pa mizati yautali wolakwika, ndipo maso amakhulupirira. Kuwonjezera malangizo akuti "jambula molondola" sikusintha kanthu, pakuti chithunzicho chikujambulidwabe, sichikuyezedwa.

Njira yodalirika ndi kugawa ntchitoyo pawiri. Manambala apite ku Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc. Mlembi uja alembe zaka zitatu mumzere umodzi, 40, 80 ndi 120 mumzere woyandikana nawo, asankhe tchati cha mizati, ndipo aonetsetse kuti muyeso wa m'mbali ukuyambira pa 0. Pulogalamu yojambula aipatse zokongoletsa zokha, ndipo aipemphe isiye malo opanda kanthu. Mu Midjourney malangizo ake akhoza kukhala otere:

```
flat illustration, maize cobs and sacks along the bottom edge, large empty cream space in the centre, green and yellow --no text, numbers, charts
```

Malangizowa akupempha zitsononkho ndi matumba m'munsi, pakati poyera, mitundu iwiri yokha. Gawo lomaliza la `--no` lili ndi ntchito yake. Mapulogalamu ambiri ojambula samva bwino mawu okaniza akaikidwa pakati pa chiganizo: mukatchula chinthu, ngakhale mukuchikana, amatha kuchijambula. Choncho zosafunika zimalembedwa pamalo pake, ndipo mu Stable Diffusion malowo amatchedwa `negative prompt`. Chithunzicho chikatuluka, mlembi achiphatikize ndi tchati chija mu PowerPoint kapena Canva, n'kutaipa yekha mutu, zaka ndi dzina la kalabu. Phindu lina n'lakuti nambala ikasintha, amangokonza nambalayo. Mu chithunzi cha AI manambala ndi utoto chabe, ndipo kupempha kuti akonze imodzi kumatha kusokoneza zina zimene zinali bwino.

Kwa amene walandira tchati chopangidwa kale, pa WhatsApp kapena pa chikwangwani, kuchiyesa sikutenga nthawi. Ikani rula pa mizati muone ngati wa 80 ulidi kawiri wa 40. Phatikizani maperesenti muone ngati akukwana 100. Onani ngati manambala a m'mbali akukwera mofanana, 20, 40, 60, osabwereza kapena kudumpha. Werengani mitundu imene yafotokozedwa pambali, muone ngati yonse ikupezekadi mu tchaticho. Pomaliza werengani timawu tating'ono chilembo ndi chilembo. Tchati chikalephera chimodzi mwa zimenezi, musachipachike ndipo musachitumize kwa ena. Bwererani kwa amene ali ndi manambala enieni, tchaticho chipangidwenso kuchokera pa manambalawo.