Kupempha fizi kwa malume ali ku Joni

Mayi wina ku Dedza akalembera mchimwene wake wa ku Joni, sayamba ndi ndalama. Amapereka moni, kufunsa za alamu ndi ana, kenako n'kunena vuto: “Achimwene, pepani kukuvutitsani. Mphwanu ali Fomu 4 pasukulu yogonera. Fizi ya teremu ino ndi K250,000. Tagulitsa soya tapeza K150,000, yatsala K100,000, yofunika pofika pa 15. Ngati n'kotheka tithandizeni, ngakhale theka.”

Ziwerengerozi n'zofunika, chifukwa uthenga wongoti “tithandizeni fizi” umasiya munthu akuganiza kuti mtolo wonse ndi wake, pomwe nayenso akulipira lendi m'marandi. Chithunzi cha kalata ya sukulu chimachotsa chikayiko. Ndalama ikafika, lisiti litumizidwe tsiku lomwelo, mwanayo athokoze yekha pafoni.