Chithunzi Sichinena Zonse

Anthu ambiri a ku Libala, mu Lusaka, akagula magetsi a ZESCO amajambula lisiti ndi foni, natumiza chithunzicho kunyumba. Pa lisitipo pali manambala 20 olowetsa m'mita, ndipo imodzi ikalakwika mita ikana.

Tsono dzanja la wojambula likagwedezeka, 3 aoneka ngati 8. Mumdima zilembo zazing'ono sizisiyana ndi pepala. Lisiti likadulidwa m'mphepete pojambula, manambala otsiriza palibe konse. Kukuza chithunzi sikuthandiza, pakuti chipangidwa ndi timadontho, ndipo chimene sichinalowemo poyamba sichingaoneke pambuyo pake.

Chifukwa chake wolandira ayambe wawerenga ngati manambala akwana 20. Akakayika ngakhale imodzi asangoganizira, koma apemphe chithunzi china chojambulidwa powala ndi pafupi, lisiti litayalidwa pathebulo.