Mndandanda wa zokanidwa pa zithunzi za malonda

Mndandanda wa zokanidwa ndi mawu amene munthu amalemba pouza pulogalamu yopanga zithunzi zinthu zimene sakufuna kuti zioneke pa chithunzi. M'mapulogalamu ambiri ogwiritsa ntchito Stable Diffusion, yomwe inatuluka mu Ogasiti 2022, mawuwa amalembedwa m'kabokosi kolembedwa kuti `Negative prompt`, pansi pa kabokosi ka mawu ofotokoza chithunzi chofunidwa. Mu Midjourney amalembedwa kumapeto kwa lamulo, patsogolo pawo pali `--no`. Pa zithunzi za katundu wogulitsa, mndandandawu umagwira ntchito zitatu: kuchotsa zinthu zosafunika zimene pulogalamu yaika pambali pa katunduyo, kufewetsa mithunzi yakuda kwambiri, ndi kuchepetsa kupindika kwa katunduyo. Mndandanda wabwino umakhala waufupi, ndipo umalembedwa munthu ataona kale zolakwika pa zithunzi zoyamba.

Mmene umagwirira ntchito

Stable Diffusion imayamba ndi chithunzi cha madonthomadontho, ngati wailesi yakanema imene sikugwira siteshoni, kenako imachiyeretsa pang'onopang'ono, nthawi zambiri pa masitepe 20 mpaka 30. Pa sitepe iliyonse imalosera kawiri. Koyamba imatsatira mawu ofotokoza chithunzi, ndipo kachiwiri imatsatira mawu okanidwa. Ikatero imakankhira chithunzicho kumbali ya kulosera koyamba, kutali ndi kwachiwiri. Njirayi inachokera pa kafukufuku wa Jonathan Ho ndi Tim Salimans, ndipo masamu ake ndi awa:

```
zotsatira = N + s * (P - N)
```

Apa `P` ndi kulosera kwa mawu ofotokoza, `N` ndi kulosera kwa mawu okanidwa, ndipo `s` ndi nambala imene imaikidwa pa `CFG Scale`. Mu pulogalamu ya AUTOMATIC1111 nambalayi imayambira pa 7. Ikakhala 1, `N` imadzifafaniza yokha n'kutsala `P` basi. N'chifukwa chake mitundu yofulumira ngati SDXL Turbo, imene kawirikawiri imagwira ntchito popanda kulosera kwachiwiriku, silabadira chilichonse cholembedwa m'kabokosi ka zokanidwa.

Masamuwa akusonyeza kuti mndandandawu si chofufutira. Umangokankha chithunzi chonse kuchoka ku maonekedwe a mawu amene alembedwa. Choncho liwu lililonse limakhudza malo onse a chithunzi, ngakhale katundu wogulitsidwayo.

Kalembedwe ka mawu

Mawu amalembedwa m'Chingelezi, chifukwa CLIP, gawo limene limawerenga mawu mu Stable Diffusion 1.5 ndi SDXL, linaphunzitsidwa makamaka ndi zithunzi zofotokozedwa m'Chingelezi. Liwu la Chichewa ngati "mthunzi" silingakankhe chithunzi kumbali yodziwika.

CLIP imavutika kumva kukana. Munthu akalemba `no flowers` m'kabokosi kofotokoza chithunzi, pulogalamu imagwira liwu la maluwa n'kuwajambula. M'kabokosi ka zokanidwa mumalembedwa dzina la chinthucho lokha, `flowers`, popanda `no`, poti kabokosiko kakukana kale.

Komanso liwulo liyenera kukhala la chinthu chooneka ndi maso. Liwu ngati `props`, lomwe limatanthauza zokongoletsera zonse pamodzi, lilibe maonekedwe amodzi, motero limakankha mofooka. Kutchula supuni, nsalu kapena masamba kumagwira bwino kuposa apo. CLIP imawerenga tizidutswa ta mawu 75 tokha nthawi imodzi. Mapulogalamu ena amadula zotsala, pomwe AUTOMATIC1111 imagawa mawuwo m'magulu a 75. Ngakhale zili choncho, mawu akachuluka amagawana mphamvu, ndipo liwu lofunika kwambiri limamira pakati pa anzake.

Chitsanzo: botolo la uchi

Tiyerekeze kuti wogulitsa uchi akufuna chithunzi cha botolo lagalasi lili lokha pamalo oyera. Akugwiritsa ntchito SDXL pa kukula kwa 1024 ndi 1024, `CFG Scale` ili pa 7. Poyamba amasiya kabokosi ka zokanidwa kopanda kanthu n'kupanga zithunzi zisanu ndi zitatu ndi mawu awa:

```
product photo of a glass jar of honey,
black metal lid, white background
```

Kenako amalemba zolakwika zimene zikubwerezeka. Pa katundu ngati uyu nthawi zambiri pamabwera kamtengo kotungira uchi, zisa za njuchi, maluwa, ndipo mwina njuchi zenizenizo. Zimabwera chifukwa zithunzi zambiri za uchi zimene pulogalamu inaphunzirako zinali ndi zinthu zimenezi. Cholakwika chimene chaoneka kamodzi kokha sichifunika kulowa mu mndandanda, chifukwa chimatha munthu akangopanganso chithunzi china.

Asanayambe kukonza, amasankha chithunzi chimodzi cholakwika n'kukopera nambala yake ya `Seed`. Nambalayi ndi imene imasankha madontho oyambira. Ikasiyidwa pa `-1` imasintha nthawi iliyonse, ndipo munthu sangadziwe ngati chithunzi chasintha chifukwa cha mawu ake kapena mwamwayi chabe. Ikakhala yomweyo, kusintha kulikonse kumachokera ku mawu amene awonjezedwa.

*Zinthu zosafunika.* Gulu loyamba la mawu okanidwa ndi ili:

```
wooden dipper, wooden spoon, beeswax, bees, flowers
```

Mu mndandandawu mulibe liwu la `honey`, ndipo izi zachitika mwadala. Kulemba `honey dipper` kumaika uchi m'mabokosi onse awiri, ndipo pulogalamu imakhala ikukokera ku uchi kwinaku ikuuthawa. Chizindikiro chake ndi uchi wotuwa kapena wooneka ngati madzi. N'chimodzimodzinso ndi liwu la `glass`: amene walikana pofuna kuchotsa tambula pambali akhoza kupeza botolo lake lasanduka lapulasitiki. Ngati maluwa akukakamirabe, AUTOMATIC1111 imalola kuwonjezera mphamvu ya liwu limodzi polemba `(flowers:1.3)`. Nambala ikakwera kwambiri mitundu ya chithunzi imayamba kusokonekera, choncho ndi bwino kukweza pang'onopang'ono.

*Mithunzi.* Apa ambiri amalemba `shadow` lokha, ndipo zotsatira zake zimakhala botolo looneka ngati likuyandama m'malere kapena lochita kumatidwa pa pepala. Kamthunzi kakang'ono kapansi pa botolo ndi kamene kamauza diso kuti botololo lakhala pa chinthu cholimba. Chosafunika ndi mthunzi wakuda wa m'mphepete mwakuthwa. Mthunzi wotero umabwera ndi kuwala kochokera pa gwero laling'ono kapena lakutali, monga dzuwa lamasana kapena fulashi ya kamera. Choncho chofunika kukana ndi gwerolo pamodzi ndi mtundu wa mthunziwo:

```
harsh shadow, long shadow, direct sunlight, camera flash
```

Izi zokha sizikwanira, chifukwa mawu okanidwa amangonena kumene chithunzi chisapite, osati kumene chipite. M'kabokosi kofotokoza muyenera kuwonjezedwa kuwala kofunidwako, monga `softbox lighting, soft diffused light, soft contact shadow`. Pa botolo lagalasi pamafunikanso kusamala ndi liwu la `reflection`. Galasi limadziwika ndi kunyezimira kwake, ndipo kunyezimirako kukachotsedwa konse botolo limaoneka lafulati.

*Kupindika.* Pa botolo, kupindika kumaoneka pa chivundikiro chokhota, mbali ziwiri zosafanana, ndi pansi popendekeka. Mawu ake ndi awa:

```
warped lid, asymmetrical, tilted, fisheye lens, wide angle
```

Mawu awiri omalizawo amagwira bwinoko kuposa atatu oyambawo, chifukwa kupindika kobwera ndi diso la kamera kuli ndi maonekedwe odziwika. Kukhota kwa chivundikiro kulibe maonekedwe amodzi, ndipo kumachitika chifukwa pulogalamu siyeza chinthu ndi rula. Imangotsanzira zimene inaona. Kulemba `front view, 85mm lens` m'kabokosi kofotokoza kumathandiza kuti mizere iongoke.

Gulu lililonse limawonjezedwa palokha, chithunzi chimapangidwanso, ndipo chimayerekezedwa ndi chapitacho. Mndandanda ukatha umayesedwa pa manambala ena a `Seed`, anayi kapena asanu, poona ngati ukugwira paliponse. Pomaliza munthu amachotsa mawu limodzilimodzi. Liwu limene kuchoka kwake sikusintha kanthu silifunika kukhalamo.

Mindandanda yokopera

Pali mindandanda yaitali imene anthu amapatsana, yodzaza ndi mawu ngati `extra fingers`, `bad anatomy` ndi `ugly`. Yambiri inalembedwera zithunzi za anthu. Pa botolo lopanda zala kapena nkhope, mawuwa amangodya malo. Ena amawononga ndithu. Liwu la `text` limaikidwa pofuna kuchotsa zilembo zopanda tanthauzo, koma limafufutanso zolemba za pa lebulo. Liwu la `blurry` likhoza kuchititsa kuti kumbuyo konse kuoneke bwinobwino pamene wogulitsa amafuna kuti diso likhale pa katundu yekha.

Zimene mndandandawu sungakonze

Mabotolo akamatuluka awiriawiri kapena ataliatali, vuto nthawi zambiri ndi kukula kwa chithunzi. Stable Diffusion 1.5 inaphunzitsidwa pa zithunzi za 512 ndi 512, ndipo ikauzidwa kupanga chachikulu kwambiri imabwereza chinthu kuti idzaze malo. Kulemba `duplicate` sikuthetsa gwero la vutoli. Chimene chimathandiza ndi kupanga chithunzi pa kukula koyenera n'kuchikulitsa pambuyo pake.

Mndandandawu sungapangitsenso botolo kufanana ndi lenileni la wogulitsa. Pa ntchito imeneyi anthu amayamba ndi chithunzi chojambulidwa ndi kamera. Pa tsamba la `Inpaint` amasankha kuti pulogalamu isinthe kumbuyo kokha, botolo ndi lebulo yake zisakhudzidwe. Ena amagwiritsa ntchito ControlNet, imene inatuluka mu 2023, yomwe imatsatira mizere ya m'mphepete mwa chinthu kuti chisapindike. Apa mawu okanidwa amakhalabe ndi ntchito, yoletsa maluwa ndi masupuni kumera m'malo opanda kanthu aja.

Kuyera kwa kumbuyo nakonso kumafuna njira ina. Amazon imafuna kuti chithunzi chachikulu cha katundu chikhale ndi kumbuyo koyera mbee, kwa `RGB 255, 255, 255`, ndipo pasakhale zinthu zimene wogula sadzalandira. Kukana `gray background` kumayeretsako, koma kawirikawiri kumbuyoko kumatsala kotuwirako pang'ono. Munthu amadziwa izi poyeza mtundu wa m'makona a chithunzi mu GIMP kapena Photoshop, ndipo amakonzera momwemo.