Mbava Imayang'ana Chiyani Isanathyole Nyumba?

Cha m'ma 1989, akatswiri awiri a zaupandu, Richard Wright ndi Scott Decker, anachita zimene ofufuza ambiri ankaziopa. M'malo mopita kundende kukafunsa akaidi, anasakasaka mbava zimene zinali kunja zikubabe mumzinda wa St. Louis ku America, mothandizidwa ndi munthu wina amene kale anali m'gulu lomwelo. Anacheza ndi anthu 105 othyola nyumba, ndipo ambiri mwa iwo anavomera kuwaperekeza kunyumba zimene anabako kuti akawaonetse mmene zinayendera. Zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1994.

Funso limene ankalondola linali lakale. Mu 1968 katswiri wa zachuma Gary Becker ananena kuti wophwanya lamulo amawerengera ngati munthu wina aliyense: amaika phindu mbali ina, mwayi wogwidwa ndi kukula kwa chilango mbali inayo. Mu 1986 Derek Cornish ndi Ronald Clarke anatenga ganizoli nalifewetsa. Iwo anati wakuba amasankhadi poganizira phindu, chiopsezo ndi kuvuta kwa ntchito, koma amatero mothamanga, asakudziwa zambiri, mwinanso ataledzera. Sasaka nyumba yabwino koposa zonse mumzinda. Amangofuna yomukwanira lero. Chiphunzitso chimenechi ndi chimene amati kusankha mowerengera.

Ku St. Louis kunaoneka kuti kuwerengerako kumayamba mochedwa. Chiganizo chokaba chinkabwera chifukwa cha njala ya ndalama ya lero lomwe, ndipo ndalamazo nthawi zambiri zinkathera ku mowa, mankhwala osokoneza bongo ndi zovala zodzionetsera. Pamenepo panalibe zoyeza pasikelo. Nzeru zinkayamba kugwira ntchito pa funso lachiwiri, lakuti nyumba iti.

Tiyeni tiime naye pamsewu wina wa mumzindawo, cha m'ma 10 koloko m'mawa pakati pa sabata, nthawi imene akulu ali kuntchito ndipo ana ali kusukulu. Nyumba yoyamba ndi yaikulu, yopakidwa penti bwino, kapinga wometedwa. Phindu likuonekeratu. Koma pakhomo paima galimoto, mkati mukumveka wailesi, ndipo kutsidya kwa msewu agogo ena akhala pakhonde maso ali kumsewu. Nyumba yachiwiri ndi yocheperapo, ili pakona, ndiye kuti anansi ali mbali imodzi yokha. Makalata adzaza m'bokosi, zenera la kumbali labisika ndi zitsamba, ndipo kuseri kuli kanjira kotulukira msewu wina. Wakuba wozolowera adzasiya yaikuluyo n'kulunjika yachiwiri.

Asanakhudze chilichonse amayesa kaye. Amagogoda kapena kuimba belu. Wina akatsegula, amafunsa dzina la munthu wopeka, n'kupepesa kuti wasochera, ulendo. Kukakhala zii, amazungulira kumbuyo kumene sangaonedwe. Akalowa sayendayenda chisawawa. Ambiri mwa amene anafunsidwa ankathamangira kuchipinda chogona eni nyumba, chifukwa ndi kumene anthu amasunga ndalama, zodzikongoletsera zagolide ndi mfuti, zinthu zazing'ono zosavuta kunyamula ndi kugulitsa. M'mphindi zowerengeka amakhala atatuluka.

Mukaona bwino, chimene chinamuthamangitsa panyumba yoyamba si ndende. Ndi galimoto, wailesi ndi agogo aja. Apa ndi pamene masamu a Becker amaperewera, ndipo kwa ine ndi mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi. Mbava za ku St. Louis zinkadziwa kuti kuthyola nyumba kuli ndi chilango, koma zinkachotsa dala maganizo amenewo m'mutu, zina mpaka kukhulupirira kuti kuganizira zogwidwa kumaitana tsoka. Chiopsezo chimene zinkawerengera chinali cha mphindi khumi zikubwerazo: kodi muli munthu, kodi wina andiona, kodi galu auwa, nanga ndithawira kuti? Zaka zisanu kapena khumi za m'ndende zili kutali, pamene mnansi ali pompano.

N'chifukwa chake mpanda uli ndi nkhope ziwiri. Mpanda wautali wa njerwa, ngati imene yadzaza m'matauni athu, umawonjezera ntchito yokwera, koma amene wadumpha kale umamubisa kwa anansi ndi odutsa. Ngati m'katimo mulibe munthu kapena galu, amagwira ntchito yake mosatekeseka.

Kodi tikhulupirire zonse zimene mbava zimanena? Ofufuza ena ku Texas, motsogozedwa ndi Paul Cromwell, anacheza ndi mbava 30 ndipo anazindikira kanthu. Zikamafotokoza zili chikhalire, zinkadzionetsa ngati akadaulo okonza mapulani mosamala. Koma zikatengedwa kupita pamalo penipeni, zinkapezeka kuti zambiri zinangopezerapo mwayi: zenera losiyidwa lotsegula, banja limene laoneka likukwera galimoto. Munthu amakometsa nkhani yake pambuyo pake kuti ioneke yanzeru. Ku St. Louis nakonso, kawirikawiri nyumba inkasankhidwa kale, nthawi zina chifukwa wakubayo ankawadziwa eni ake, kapena wina anamutsina khutu za katundu amene ali mkati. Kuwerengera kulipo ndithu, koma n'kwachidule, ndipo kumachitikira m'madera amene munthuyo amayendamo tsiku ndi tsiku.

Ngakhale n'kwachidule choncho, kumalongosola chinthu chimene chimadabwitsa ambiri, chakuti nyumba imene yathyoledwa kamodzi imakhala pangozi yaikulu yothyoledwanso, makamaka m'masabata oyambirira. Eni ake amadzitonthoza kuti tsoka ladutsa. Kwa wakuba, nyumba imeneyo ndiyo yosavuta koposa: polowera akupadziwa, zipinda akuzidziwa, zimene anasiya akuzikumbukira, ndipo akudziwa kuti zobedwa zija zigulidwanso zatsopano. Nyumba zoyandikana nazo zimalowanso m'ngozi kwa kanthawi, poti nthawi zambiri zinamangidwa mofanana.

Ku Kirkholt, dera la nyumba za khonsolo zoposa 2,000 ku Rochdale, kumpoto kwa England, anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi kuyambira mu 1987. Pa nthawiyo pafupifupi nyumba imodzi mwa zinayi zilizonse inkathyoledwa pa chaka. Gulu la ofufuza, mmodzi mwa iwo Ken Pease, linayamba ndi kufunsa mbava, obedwa ndi anansi awo. Linapeza kuti pafupifupi theka la milandu inakhudza mamita a magetsi ndi gasi oponyamo ndalama zachitsulo. Mita yotero inali ngati nkhokwe yosatseka: wakuba aliyense ankadziwa kuti muli ndalama ndiponso pamene ili. Mamitawo anayamba kuchotsedwa n'kuikapo ena osasunga ndalama, phindu n'kuchepa. Nyumba ikathyoledwa, zitseko ndi mazenera ake ankazilimbitsa msanga, ntchito n'kukula. Kenako ankapempha anansi asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri oyandikana nayo kwambiri kuti aziyang'anira, chiopsezo n'kukwera.

M'zaka zitatu kuthyola nyumba ku Kirkholt kunatsika ndi pafupifupi 75 peresenti, ndipo ofufuza sanapeze umboni woti mbavazo zinangosamukira kumadera oyandikana nawo. Madera ena amene anatengera njirayi sanapeze zotsatira zazikulu chotero, mwa zina chifukwa kwawo kunalibe mamita a ndalama oti achotse. Anakopera mankhwala a Kirkholt asanafunse chimene chinkakoka mbava kwawoko.