Ngongole ya kubanki siidziwa kuti kunja kuli Febuluwale

Pa Mponela kapena ku Kasungu, wogulitsa malata ndi simenti amaudziwa bwino mwezi wa Febuluwale. Makasitomala ake ndi alimi, ndipo nthawi imeneyi ndalama zawo zonse zili kumunda. Adzayambanso kubwera msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, soya naye akayamba kugulidwa. Koma tsiku lodula ngongole kubanki silisuntha.

Tiyerekeze mayi wina wa shopu yotere. Watsala ndi ngongole ya K3 miliyoni, yoti amalize m'miyezi 6, pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pamwezi. Mwezi uliwonse banki imadula pafupifupi K554,000. Mu Juni ndalama imeneyi amaipeza mosavuta. Mu Febuluwale, mudilowa muli mbee.

Ambiri zikatere amangokhala duu, kenako n'kuyamba kuzemba foni ya ofesala wa ngongole. Apa mpamene amadzipweteka. Imelo yopempha kusintha kalipiridwe iyenera kupita kubanki tsiku lodula lisanafike, makamaka kudakali milungu iwiri kapena itatu, chifukwa ofesalayo nthawi zambiri savomera yekha, amakaitula kwa akuluakulu ake. Ukangodumphitsa mwezi, chindapusa chimatha kuyamba kuwerengedwa, ndipo mbiri yoti sukulipira bwino imakafika kumabungwe osunga mbiri ya ongongola, komwe mabanki ena amakasuzumira asanakubwereke.

Nanga mayi uja alembamo chiyani? Pamutu pa imeloyo aike dzina la bizinesi ndi nambala ya ngongole. M'munsimo asachulutse madandaulo. Mawu akuti "zinthu zavuta, chonde ndithandizeni" samupatsa ofesala chokaonetsa kwa bwana wake. Pempho lomveka ndi ili: "Ndikupempha kuti mu Febuluwale, Malichi ndi Epulo ndizilipira chiwongoladzanja chokha, K90,000 pamwezi. Kuyambira Meyi ndidzabwerera pa K554,000, ndipo ndidzamaliza mu Okutobala m'malo mwa Julayi."

Umboni wamphamvu uli kale m'manja mwa banki. Ndi sitetimenti ya akaunti yake ya chaka chatha, yomwe ikuonetsa ndalama zikuphwa nthawi ya dzinja n'kudzasefukira pokolola. Aiphatikize pa imeloyo, atchulenso miyezi yake. Amene amasunga ndalama za malonda kunyumba, osaziika kubanki, apa amagwira njakata: alibe chosonyeza kuti Meyi wake amakhala wonona.

Kupumako si kwaulere ayi. Miyezi itatu ya K90,000 ndi K270,000 yoonjezera, pomwe K3 miliyoni ija sinatsike ndi tambala yomwe. Mabanki ena amawonjezerapo ndalama yokonzera pangano latsopano, choncho afunsiretu mu imelo momwemo.

Ofesala akayankha kuti "talandira, tikuziona," sikuti avomera. Mpaka mayiyo atasaina kalata ya ndondomeko yatsopano, makina a banki adzadulabe K554,000 pa tsiku lakale lija, ngakhale ndalama imene yalowa mu akaunti ikhale yomwe amati akaodere simenti.