Kalata ya dokotala ikanena kuti chotupa cha m'bere chiyezedwe ndi singano

Mayi akapeza chotupa m'bere n'kupita kuchipatala, kawirikawiri amabwerako ndi pepala. Ena amalemberedwa m'buku la kuchipatala, ena amapatsidwa kalata yoti akaonetse kuchipatala chachikulu. Mawu amene amasowetsa anthu tulo m'kalatamo ndi akuti bayopsi, kutanthauza kutapa kachidutswa ka chotupacho kuti kakayezedwe. Ambiri akangomva zimenezi amati basi, dokotala wapeza khansa koma akuopa kunena. Si choncho ayi. Dokotala amapempha bayopsi chifukwa chakuti sanadziwebe, ndipo palibe njira ina yodziwira.

Tiyeni titenge chitsanzo cha kalata yolembera mayi wa zaka 44. Dokotala wodziwa ntchito yake angayambe motere:

"Mayi, nditakuyezani ndinapeza chotupa cholimba m'bere lakumanzere, chakumtunda cha kufupi ndi kukhwapa, chachikulu masentimita 2.5. Sichikupweteka ndipo sichikusuntha bwino ndikachikankha. M'khwapa sindinapezemo mwanabere. Sikani yaonetsa kuti chotupacho si cha madzi ndipo m'mbali mwake si mosalala. Pa chifukwa chimenechi ndikupempha kuti titengeko kachidutswa ndi singano."

Chilichonse chimene chalembedwa apa chili ndi tanthauzo. Chotupa chosalala, choterera pansi pa chala, makamaka mwa mtsikana wa zaka za m'ma 20, nthawi zambiri chimakhala faibuloadinoma, chotupa chimene si khansa. Kathumba ka madzi nakonso kamapezekapezeka, ndipo sikani imakazindikira msanga. Koma chotupa cholimba, chomata pamalo amodzi, cha m'mbali mwa manyanomanyano, chimafuna kufufuzidwa. Ndipo apa pali chimene chimanamiza anthu ambiri: kusapweteka si chizindikiro chabwino. Khansa ya m'bere ikamayamba kawirikawiri sipweteka, n'chifukwa chake amayi ena amakhala nayo miyezi yambiri akuti chidzaphwa chokha.

Madokotala amadalira zinthu zitatu poweruza chotupa cha m'bere: kuyeza ndi manja, kujambula, ndi kuyeza kachidutswa. Kujambula kumakhala kwa sikani, kapena kwa mamogilamu, makina a ekisileyi amene amapana bere pakati pa timbale tiwiri. Mamogilamu amathandiza kwambiri kwa amayi a zaka 40 kupita m'tsogolo, chifukwa bere la mtsikana ndi lothinana ndipo chithunzi sichioneka bwino. Pa pepala la zotsatira mungaone mawu akuti BI-RADS ndi nambala. Nambala 2 ikutanthauza kuti chaonekacho si khansa. Nambala 3 ikutanthauza kuti mwayi woti ndi khansa sudutsa 2 pa 100 alionse, ndipo amangojambulanso pakatha miyezi 6. Nambala 4 ndi yokayikitsa, ndipo 5 ndi yokayikitsa kwambiri. Ziwiri zomalizazi zimafuna bayopsi. Mayi wathu uja ali pa 4, gulu lotakata kwambiri limene muli zotupa zambiri zimene zikayezedwa zimapezeka kuti si khansa.

Nanga bwanji osangodalira chithunzi? Chifukwa chithunzi chimaonetsa maonekedwe, sichitchula dzina la matenda. Chifuwa chachikulu, mwachitsanzo, chimatha kugwira bere n'kupanga chotupa chofanana ndi khansa, ndipo mankhwala ake ndi ena ndithu. Dokotala wodula bere la munthu pongodalira chithunzi ndiye kuti akuchita zamwayi ndi thupi la mwini.

Kalata yabwino imafotokozanso zimene zidzachitike pa tsikulo:

"Simudzagonekedwa m'chipatala, ndipo mutha kudya m'mawa monga mwa masiku onse. Tidzabaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo, kenaka tidzalowetsa singano imene imatapa timinofu tating'ono. Mudzamva kachipangizo kakuti tha! nthawi iliyonse, musadzadzidzimuke. Ngati mukumwa asipilini kapena wafarini, kapena ngati magazi amachedwa kuleka mukadzicheka, mutiuze tisanayambe."

Mmene zimakhalira ndi momwemo. Mayi amagona chagada, mkono uli kumutu. Jakisoni wa dzanzi amaluma kwa kanthawi kochepa, kenaka munthu amangomva kukankha. Dokotala amacheka pang'ono khungu, pang'ono zedi moti sipafunika kusoka, n'kutenga tizidutswa titatu kapena kuposerapo, kalikonse kowonda ngati chingwe cha nsapato chaching'ono. Pamene pali makina a sikani amayang'anira pomwepo kuti singano ilowe m'chotupa mwenimwenimo. Ntchito yonse simatha ola. Tizidutswato amatiika m'kabotolo ka fomalini kuti tisaole, n'kutitumiza kwa dokotala woyeza minofu ndi maikulosikopu.

Palinso njira ya kasingano kowonda kamene kamangoyamwa maselo. Ndi yachangu komanso yotchipa, koma imanena zochepa. Singano yotapa mnofu ndiyo yabwino, chifukwa ikapeza khansa imathandizanso kudziwa mtundu wake. Khansa zina zimakula chifukwa cha mahomoni achikazi, ndipo zimenezi zimamva mankhwala a tamokisifeni, pamene zina sizimva. Dokotala sangasankhe bwino pakati pa opaleshoni, kemo ndi mapilitsi asanadziwe zimenezi.

Kunyumba pamalopo pamada ndi kuwawa masiku angapo. Panado amakwanira. Koma bere likatupa msanga n'kulimba, magazi akamapitirira kutuluka ngakhale mutapsinja kwa mphindi 10, kapena pakafiira, kutentha ndi kutuluka mafinya, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndiye pali mawu aja amamveka m'makomo, akuti chotupa chikalasidwa ndi chitsulo chimalusa n'kufalikira thupi lonse. Ndikumvetsa kumene maganizowa amachokera. Anthu anaona mbale wawo akubayidwa singano, patapita miyezi ingapo n'kumwalira. Koma m'mabanja ambiri otere matenda anali atafala kale munthuyo asanafike kuchipatala, singano inangowaulula. Chimene chimapatsa khansa mpata ndi kuchedwa. Chotupa cha masentimita 2.5 chimene sichinafike m'khwapa chimachizika bwino kwambiri kuposa chimene chaphulika n'kukhala chilonda.

Gawo lovuta kwenikweni ndi kudikira zotsatira. Kuno ku Malawi madokotala oyeza minofu ndi ochepa, ndipo malabotale ake ali makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene kuli zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central. Kabotolo kochokera kuchipatala cha boma laling'ono kayenera kuyenda ulendo, ndipo yankho likhoza kutenga masabata angapo. Ine ndimaona kuti kalata yosatchula tsiku lobwerera ndi yoperewera, ngakhale italembedwa mokoma bwanji. Kusaitanidwa sikutanthauza kuti zonse zili bwino.

Zotsatira zikabwera zimakhala za mitundu itatu. Zikhoza kunena kuti si khansa, kuti ndi khansa, kapena kuti kachidutswako sikanakwanire kuweruza, ndipo pamenepo amabwereza. Koma tiyerekeze kuti mayi wathu wauzidwa kuti apeza mnofu wabwinobwino wa bere, chonsecho chotupa chili cholimba ndipo sikani inali yokayikitsa. Dokotala wosamala sakhutira nazo, chifukwa mwina singano inaphonya. Zinthu zitatu zija ziyenera kugwirizana. Zikasemphana, amabwereza bayopsi kapena amachotsa chotupa chonsecho n'kuchiyeza.

Choncho musachoke m'chipinda cha dokotala musanafunse kuti zotsatira zidzatuluka liti, mudzazitenga kwa ndani, ndipo muimbe nambala iti zikachedwa. Pemphani kuti akulembereni zimenezi m'buku lanu, ndipo pa tsiku lokamva zotsatira mutengane ndi munthu amene mumamukhulupirira.