Timabokosi ta machesi ndi nambala imene sinajambulidwe

Pa mayeso a masamu, monga a MSCE, pamatha kubwera funso lokhala ndi zithunzi zitatu zokha. Choyamba ndi kabokosi kamodzi kopangidwa ndi timitengo ta machesi. Chachiwiri ndi timabokosi tiwiri togundana, chachitatu titatu. Kenako funso likuti: chithunzi cha 20 chidzafuna timitengo tingati, nanga zithunzi zonse 20 pamodzi zidzadya tingati?

Ambiri amagwa pa kuwerenga penipenipo. Poona kuti kabokosi kali ndi mbali zinayi, amathamangira kulemba 4, 8, 12. Koma timabokosi togundana timagawana khoma, monga zimachitira nyumba za mdadada. Kabokosi kachiwiri sikafuna timitengo tinayi ayi, kamangofuna titatu: kapamwamba, kapansi ndi kotsekera kumapeto, pakuti khoma linalo lilipo kale. Mukawerenga ndi chala, kamodzikamodzi, mupeza 4, 7, 10.

Tsopano onani mmene manambalawa akukwerera. Kuchoka pa 4 kufika pa 7 pali 3, kuchoka pa 7 kufika pa 10 palinso 3. Kusiyana kosasinthaku ndiko kumatilola kugwiritsa ntchito njira imene tikukambayi. M'mabuku nambala yoyamba amailemba a, kusiyanako d, ndipo malo a chithunzi pamzere ndi n. Apa a ndi 4, d ndi 3.

Kuti mufike pa chithunzi cha 20 kuchokera pa choyamba, muwonjezera timitengo titatu kangati? Osati ka 20. Chithunzi choyamba munachipeza chilipo, ndiye kuwonjezera kuchitika ka 19 kokha. Ka 19 kuchulukitsa ndi 3 ndi 57, kuphatikiza 4 woyamba uja, 61. Fomyula ya m'buku ikunena zomwezi basi:

Tn = a + (n − 1)d

Amene amaiwala kuchotsa 1 amapeza 64, lomwe ndi yankho la chithunzi cha 21.

Ine ndimakonda kuliona funsoli mwanjira ina, yochokera pachithunzi chenichenicho. Tengani kamtengo kamodzi koimirira kumanzere kwenikweni, mukaike padera. Kotsalako, kabokosi kalikonse kali ndi timitengo titatu. Choncho timabokosi n tifuna 3n + 1. Mukamasula 4 + (n − 1)3 mupezanso 3n + 1 yemweyo, koma uyu mwamuona ndi maso, ndipo savuta kukumbukira. Muyeseni pa zithunzi zimene mwapatsidwa: n akakhala 1 atulutsa 4, akakhala 3 atulutsa 10. Fomyula yolephera pa zithunzi zimene zili pamaso panu singakhoze pa cha 20. Imagwiranso ntchito chobwerera: munthu wokhala ndi timitengo 100 achotse kamodzi kaja, agawe 99 ndi 3, apanga timabokosi 33.

Funso lachiwiri lija ndi lina, ndipo kusakaniza awiriwa kumataya malikisi ambiri. 61 ndi timitengo ta chithunzi chimodzi chokha, chomaliza. Zonse pamodzi ndi 4 + 7 + 10 mpaka kukafika pa 61. Mutha kuphatikiza imodziimodzi, koma nthawi ikutherani. M'malo mwake lembani mzerewo kawiri, wina kuyambira pa 4 kukwera, wina pansi pake kuyambira pa 61 kutsika. Pansi pa 4 pakhala 61, pamodzi 65. Pansi pa 7 pakhala 58, pamodzi 65 ndithu. Sizongochitika mwamwayi: mzere wapamwamba ukakwera ndi 3, wapansi ukutsika ndi 3. Mapeyala otere alipo 20, ndiye 20 kuchulukitsa ndi 65 ndi 1,300. Koma poti mzere tinaulemba kawiri, tigawa pakati: timitengo 650. M'buku amalemba chonchi, l akuimira nambala yomaliza:

Sn = n/2 × (a + l)

Ngati mukukayika, yesani pa zithunzi zitatu zija. Theka la 3 kuchulukitsa ndi 14 ndi 21, ndipo 4 + 7 + 10 ndi 21.

Chenjerani ndi zithunzi zooneka zadongosolo koma zosakwera mofanana. Zitini zosanjikizidwa ngati kaphiri, chimodzi pamwamba, ziwiri pansi pake, zitatu pansi pa izo, zimapereka 1, 3, 6, 10 mukawerenga mulu wonse pa chithunzi chilichonse. Kusiyana kwake ndi 2, 3, 4, sikukhazikika, ndiye fomyula ya Tn ija singagwire pamenepo. Chimene chikukwera mofanana ndi mizere ya mkati mwa muluwo, 1, 2, 3, 4, ndipo mulu wonse ndi kuphatikiza kwa mizereyo. Mulu wa mizere 10 uli ndi theka la 10 kuchulukitsa ndi 11, zitini 55. N'chifukwa chake manambala awiri sakwanira kuweruzira: 1 ndi 3 akhoza kutsatidwa ndi 5 kapena 6, ndipo ndi chithunzi chachitatu chimene chimakuuzani njira yoyenera kutenga.